Kuwonkhetsa manambala osatha: yambani mwayang'ana resho, fomyula ibwere pambuyo

Chaka ndi chaka ndikamaphunzitsa mndandanda wa jometiriki, pamapezeka wophunzira mmodzi amene amakweza dzanja n'kufunsa funso lomwe lomweli: "Aphunzitsi, manambalawo ngati satha, mungawawonkhetse bwanji? Mudzamaliza liti?" Funsoli ndimalikonda, chifukwa amene walifunsa waona pamene pagona nkhani. N'zoona, palibe munthu amene angawonkhetse manambala osatha mmodzimmodzi mpaka kumaliza. Chimene timachita n'china. Timawonkhetsa awiri oyamba, kenaka atatu, kenaka anayi, n'kumayang'ana ngati mayankho tikupezawo akulowera ku nambala imodzi yodziwika. Akakhala kuti akulowerako, nambala imeneyo ndiyo timaitcha chiwonkhetso cha mndandanda wonse. Akakhala kuti sakulowera kulikonse, ndiye kuti chiwonkhetso palibe, ngakhale fomyula itatulutsa yankho looneka bwino.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi kuyambira pano mpaka kumapeto. Tengani kope, cholembera ndi kakyuleta ngati muli nayo, muziwerengera limodzi ndi ine.

Tiyerekeze kuti mlimi wa ku Santhe wagulitsa fodya wake ku Chinkhoma. Pa ndalama zimene walandira, watengapo K100,000 n'kukalipira mmisiri wa pamsika wa Santhe amene wamukonzera ngolo. Mmisiriyo sasunga zonse, komanso sawonongera zonse pa Santhe. Tinene kuti magawo atatu mwa asanu amagulira zinthu kwa anthu a pamsika pomwepo, pamene magawo awiri otsalawo amachoka: ena wasunga, ena wakagulira zitsulo ku Lilongwe. Choncho K60,000 yapita kwa mayi wogulitsa chimanga. Mayiwo achita chimodzimodzi, magawo atatu mwa asanu, K36,000, apereka kwa telala. Telala wapereka K21,600 kwa wogulitsa nyama. Zikupitirira choncho. Manambalawa ndangowasankha kuti masamu aziyenda bwino, si kafukufuku wa msika wa Santhe ayi. Funso ndi lakuti: malonda onse amene K100,000 imeneyi yayambitsa pamsikapa ndi okwana ndalama zingati?

100,000 + 60,000 + 36,000 + 21,600 + ...

Choyamba: tsimikizani kuti mndandandawo ndi wa jometiriki

Mndandanda umakhala wa jometiriki ngati nambala iliyonse ikupezeka pochulukitsa nambala ya kumbuyo kwake ndi nambala imodzi yosasintha. Nambala yosasinthayo m'kalasi timaitcha resho, ndipo timailemba r. Nambala yoyamba timailemba a.

Resho imapezeka pogawa nambala ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kwake. 60,000 kugawa ndi 100,000 ndi 0.6. Musaime pomwepo. Yesaninso kachiwiri ndi kachitatu: 36,000 kugawa ndi 60,000 ndi 0.6, ndipo 21,600 kugawa ndi 36,000 ndi 0.6. Yafanana paliponse, ndiye kuti a = 100,000 ndipo r = 0.6, kapena kuti 3/5.

Ndikukuumirizani kuyesa kangapo chifukwa pali mindandanda imene manambala ake amachepa koma si ya jometiriki. Onani uwu: 1 + 1/2 + 1/3 + 1/4 + ... Mukagawa yachiwiri ndi yoyamba mupeza 1/2, ndipo wothamanga alemba kuti r = 1/2. Koma yachitatu kugawa ndi yachiwiri ndi 2/3, yachinayi kugawa ndi yachitatu ndi 3/4. Resho ikusintha, choncho zonse zimene tinene m'munsimu siziukhudza. Ndipotu mndandanda umenewu ulibe chiwonkhetso n'komwe: ngakhale manambala ake akuchepa, mukamawonkhetsabe mumadutsa nambala iliyonse imene munthu angatchule. Kuchepa kokha kwa manambala si umboni wakuti chiwonkhetso chilipo.

Chachiwiri: lembani ziwonkhetso za panjira

Chiwonkhetso cha panjira ndi chimene mwapeza mutawonkhetsa manambala angapo oyamba n'kuima. Cha manambala n oyamba timachilemba Sₙ. Apa palibe chodabwitsa, ndi kuwonkhetsa kwa ku pulayimale:

S₁ = 100,000
S₂ = 160,000
S₃ = 196,000
S₄ = 217,600
S₅ = 230,560
S₆ = 238,336
S₇ = 243,001.60
S₈ = 245,800.96

Ophunzira ambiri amalumpha sitepe imeneyi chifukwa amati ikudya nthawi. Ine ndimati osalumpha, makamaka pamene mukuphunzira kumene. Tayang'anani manambalawo. Akukwera, inde, koma kakweredwe kake kakufooka. Poyamba tinalumpha ndi 60,000, pomaliza tangosuntha ndi 2,799 ndi matambala pang'ono. Diso lokha likukuuzani kuti kutsogoloku kuli mpanda penapake. Koma diso silingakuuzeni ngati mpandawo uli pa 248,000, pa 250,000 kapena pa 260,000, ndipo silingakutsimikizireni kuti ulipodi. Mndandanda wa 1 + 1/2 + 1/3 uja nawonso umaoneka ngati ukufooka. Ndiye tifunika njira yolembera Sₙ ya n aliyense nthawi imodzi.

Chachitatu: pezani fomyula ya Sₙ ndi manja anu

Lembani chiwonkhetso cha manambala n oyamba. Zindikirani kuti nambala yomaliza ndi arⁿ⁻¹, osati arⁿ, chifukwa yoyamba ija sinachulukitsidwe ndi r ngakhale kamodzi.

Sₙ = a + ar + ar² + ... + arⁿ⁻¹

Tsopano chulukitsani mzere wonsewu ndi r, muulembe pansi pake:

rSₙ = ar + ar² + ... + arⁿ⁻¹ + arⁿ

Mizere iwiriyi ikufanana pafupifupi paliponse. Wapamwamba uli ndi a kumayambiriro amene wapansi ulibe, ndipo wapansi uli ndi arⁿ kumapeto amene wapamwamba ulibe. Mukachotsera wapansi ku wapamwamba, zonse za pakati zifafanizana, n'kutsala ziwiri zokha:

Sₙ − rSₙ = a − arⁿ

Sₙ(1 − r) = a(1 − rⁿ)

Sₙ = a(1 − rⁿ)/(1 − r)

Pogawa ndi 1 − r tavomereza kuti r si 1, popeza sitingagawe ndi ziro. Nkhani ya r = 1 tiiona payokha.

Yesani fomyulayi ndi nambala imene mukuidziwa kale musanaikhulupirire. Pa n = 3, 0.6³ ndi 0.216, ndipo 1 − 0.216 ndi 0.784. 100,000 kuchulukitsa ndi 0.784 ndi 78,400, kugawa ndi 0.4 ndi 196,000. Ndi S₃ yomwe ija. Mpaka pano sitinakhudze chilichonse chosatha. Fomyula imeneyi ndi yoona pa r aliyense kupatula 1, kaya ndi 0.6, kaya ndi 2, kaya ndi −7.

Chachinayi: patulani mbali yokhazikika ndi mpata wotsala

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse, chifukwa mutu wonse uli pano. Igaweni fomyula ija pawiri:

Sₙ = a/(1 − r) − [a/(1 − r)] × rⁿ

M'chitsanzo chathu a/(1 − r) ndi 100,000 kugawa ndi 0.4, zomwe ndi 250,000. Choncho:

Sₙ = 250,000 − 250,000 × 0.6ⁿ

Mbali yoyamba, 250,000, mulibe n. Kaya mwawonkhetsa manambala atatu kaya chikwi, siisuntha. Mbali yachiwiri ndiyo ikusintha, ndipo ikutiuza ndendende mtunda umene watsala pakati pa chiwonkhetso cha panjira ndi 250,000. Mtunda umenewu ndimautcha mpata wotsala. Bwererani ku manambala anu aja muchotsere lililonse ku 250,000:

pa n = 1 mpata ndi 150,000
pa n = 2 mpata ndi 90,000
pa n = 3 mpata ndi 54,000
pa n = 4 mpata ndi 32,400
pa n = 5 mpata ndi 19,440

Mwaona? Mpatawonso ukuchulukitsidwa ndi 0.6 sitepe iliyonse. Ndalama ikasintha manja kamodzi, magawo awiri mwa asanu a mpata umene unatsala amatsekeka.

Tsopano mawu akuti malire, amene ena amangoti limiti, tiwapatse tanthauzo lenileni. Tikamati 250,000 ndi malire a ziwonkhetso za panjira, sitikunena kuti tsiku lina Sₙ idzakwana 250,000 yeniyeni. Siidzakwana: 0.6ⁿ siikhala ziro pa n aliyense. Tikunena izi: munditchulire kampata kalikonse, kochepa mmene mungafunire, ine ndikuuzani n amene kuyambira pamenepo mpata wotsala ukhala wochepera kampata kanuko, osadzakulanso.

Tiyese. Mukuti mpata uchepere K1,000. Pa n = 10, 0.6¹⁰ ndi pafupifupi 0.00605, mpata ndi pafupifupi K1,512, sunakwane. Pa n = 11 mpata ndi pafupifupi K907. Ndiye yankho langa ndi 11. Mukuti uchepere K1? Pa n = 24 mpata ndi pafupifupi K1.18, pa n = 25 ndi pafupifupi matambala 71. Yankho ndi 25. Mukatchula tambala imodzi, kapena gawo limodzi mwa miliyoni la tambala, ndingowonjezera masitepe. Palibe kampata kamene mungandigonjetse nako. Chifukwa cha chimenecho, ndipo chifukwa cha chimenecho chokha, timalemba kuti

100,000 + 60,000 + 36,000 + ... = 250,000

Chizindikiro cha = apa chikuimira nkhani yonse taifotokozayi. Katswiri wa masamu wa ku France, Augustin-Louis Cauchy, ndi amene analemba tanthauzo limeneli momveka bwino m'chaka cha 1821, ngakhale kuti anthu anali atagwiritsa kale ntchito mindandanda yotere kwa zaka zambirimbiri. Archimedes wa ku Syracuse, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, anagwira ntchito ndi 1 + 1/4 + 1/16 + ... n'kufika pa 4/3, ndipo iyenso njira yake inali yoyang'anira kagawo kotsala.

Pali njira ina yotsimikizira 250,000 imene imandisangalatsa chifukwa ngakhale munthu amene sanapite patali ndi sukulu amaimva. Ndalama ikalowa m'manja mwa munthu, magawo awiri mwa asanu amachoka pamsika. Pamapeto pake K100,000 yonse iyenera kuchoka, chifukwa yozungulira ikunka nichepa. Ndiye magawo awiri mwa asanu a malonda onse ayenera kukwana 100,000. Ngati magawo awiri ndi 100,000, gawo limodzi ndi 50,000, asanu ndi 250,000. Zindikiraninso kuti palibe ndalama yatsopano imene yabadwa. Ndalama ndi K100,000 yomwe ija, 250,000 ndi kuchuluka kwa malonda amene yadutsamo.

Chachisanu: funsani kuti rⁿ ikupita kuti

Taona kuti chimene chikusintha mu Sₙ ndi rⁿ yokha. Choncho funso lakuti chiwonkhetso chilipo kapena palibe ndi funso lakuti rⁿ ikuchita chiyani n akamakula. Mayankho ake si ambiri.

Ngati r ili pakati pa −1 ndi 1, osafika pa −1 kapena pa 1 penipeni, rⁿ imalowera ku ziro. Timalemba |r| < 1, kutanthauza kuti kukula kwa r, titachotsa chizindikiro cha negativu ngati chilipo, n'kochepera 1. Chifukwa chake chimamveka mukaganiza za theka. Pa r = 0.6, masitepe awiri amapereka 0.36, yomwe ndi yochepera theka. Ndiye masitepe awiri alionse mpata umadulidwa kupitirira theka, ndipo chinthu chimene mukuchidula pakati mobwerezabwereza chimachepa kuposa muyeso uliwonse. Pa r = 0.9 pamafunika masitepe 7 kuti mpata utsike kufika pansi pa theka, pa r = 0.99 pamafunika 69. Masitepe angachuluke, koma thekalo limafikabe, kenaka theka la theka, mpaka kalekale. Zikatero mpata wotsala umazimirira ndipo chimatsala ndi ichi:

S = a/(1 − r), pokhapokha |r| < 1

Mawu akuti "pokhapokha" ndi mbali ya fomyula. Muziwalemba nthawi zonse.

Chenjezo limodzi pa r amene wayandikira 1. Tikanati anthu a pa Santhe amawonongera pomwepo magawo asanu ndi anayi mwa khumi, r = 0.9, chiwonkhetso chikanakhala 100,000 kugawa ndi 0.1, zomwe ndi K1,000,000. Koma patatha masitepe khumi mukanakhala muli pa K651,000 ndi kakuti, ndipo kuti mpata uchepere K1,000 pakanafunika masitepe 66, osati 11. Malire alipo, koma ali kutali. Ngati funso lenileni likukhudza masitepe khumi okha, gwiritsani ntchito fomyula ya Sₙ, chifukwa ya S ikupatsani nambala yokulirapo kwambiri.

Ngati r = 1, manambala onse ndi ofanana. Zili ngati munthu woponya K500 m'bokosi tsiku lililonse: 500 + 500 + 500 + ... Apa Sₙ = 500n, ikungokwera. Tchulani miliyoni, pa tsiku la 2,001 yadutsidwa. Malire palibe.

Ngati r ndi yoposa 1, manambala akukula m'malo mochepa, ndipo chiwonkhetso cha panjira chikuthawa. Apa ndi pamene pali dzenje limene ambiri amagweramo. Tengani 1 + 2 + 4 + 8 + ... Mukaika a = 1 ndi r = 2 mu a/(1 − r), mupeza 1 kugawa ndi −1, yomwe ndi −1. Kakyuleta siidandaula, ikupatsani −1 bwinobwino. Koma ziwonkhetso za panjira ndi 1, 3, 7, 15, 31, ndipo sizikupita ku −1. Fomyula ya Sₙ ikuonetsa chimene chachitika: Sₙ = −1 + 2ⁿ. Mbali yokhazikika ndi −1 ndithu, koma mbali inayo, m'malo mozimirira, ikuwirikiza kawiri sitepe iliyonse. Amene walemba −1 wataya mbali yaikulu n'kusunga yaing'ono. Ndikamachonga ndipo ndapeza yankho la negativu pa mndandanda wa manambala a pozitivu okhaokha, ndimadziwiratu kuti wophunzirayo sanayang'ane r.

Ngati r = −1, pamachitika chinthu chosiyana. Munthu akukupatsani K500, mawa akuilanda, mkuja akukupatsaninso: 500 − 500 + 500 − 500 + ... Ziwonkhetso za panjira ndi 500, 0, 500, 0, mpaka kalekale. Sizikuthawira kutali, koma sizikukhazikikanso. Fomyula ikupatsani 250, ndipo 250 imakopa chifukwa ili pakati. Koma yesani muyeso wathu uja: mpata pakati pa Sₙ ndi 250 ndi 250 nthawi zonse, sukuchepa ngakhale pang'ono. Wina akatchula kampata ka K1, mulibe n woti mumuyankhe. Ndiye chiwonkhetso palibe. Mndandanda wa 1 − 1 + 1 − 1 + ... unazunguza akatswiri enieni: Guido Grandi wa ku Italy analemba za iwo mu 1703 ndipo anakopeka ndi yankho la 1/2. Choncho ngati inunso munakopeka, musadzione ngati wogona.

Ngati r ndi yochepera −1, monga −2, ziwonkhetso zimalumphira uku ndi uku, kulumpha kwake kukukulirakulira: 1, −1, 3, −5, 11. Malire palibenso.

Pali kachinthu kamodzi kapadera: a ikakhala ziro, manambala onse ndi ziro ndipo chiwonkhetso ndi ziro, kaya r ndi yotani. Kupatula pamenepo, chiwonkhetso chimapezeka pamene |r| < 1 basi.

Resho ya negativu imene ili mkati mwa mpanda wa −1 ndi 1

Musaganize kuti resho ikangokhala ya negativu ndiye kuti zavuta. Taganizani za kunenerera mtengo wa mbuzi pa tsiku la msika. Wogulitsa akuti, "Mbuzi iyi ndi K90,000, bambo." Wogula akuti, "Iyayi achimwene, chotsanipo theka," watsitsa ndi 45,000. Wogulitsa akweza ndi theka la zimene zachotsedwazo, 22,500. Wogula atsitsanso ndi theka la zimenezo, 11,250. Akapitiriza mwambo umenewu:

90,000 − 45,000 + 22,500 − 11,250 + ...

Apa a = 90,000 ndipo r = −1/2. Ziwonkhetso za panjira ndi mitengo imene ikutchulidwa: 90,000, kenaka 45,000, 67,500, 56,250, 61,875, 59,062.50. Wina uli pamwamba, wotsatira uli pansi, koma akupanikizana kulowera pamalo amodzi. Popeza kukula kwa r ndi 1/2, kochepera 1, fomyula ikuloledwa. Samalani ndi zizindikiro: 1 − (−1/2) ndi 3/2, osati 1/2. 90,000 kugawa ndi 3/2 ndi 60,000. Mukasokoneza chizindikiro mupeza 180,000, mtengo woposa umene mwini mbuzi anayambira, ndipo pamenepo pokha muyenera kudzidzimuka. Resho ikakhala ya negativu, yankho loona limakhala pakati pa ziwonkhetso ziwiri zilizonse zotsatizana, ndiye muli ndi poyesera pabwino: 60,000 ili pakati pa 61,875 ndi 59,062.50.

Pa kakyuleta, mukafuna (−0.5)⁴, ikani −0.5 m'mabulaketi. Mukapanda kutero, makakyuleta ambiri amayamba achulukitsa 0.5 kanayi kenaka n'kuika negativu patsogolo, n'kukupatsani −0.0625 m'malo mwa 0.0625.

Zolakwika ziwiri zimene ndimakumana nazo kwambiri

Choyamba ndi kutembenuza resho. Wophunzira agawa 100,000 ndi 60,000 m'malo mogawa 60,000 ndi 100,000, apeza 5/3. Wosamala aona kuti 5/3 yaposa 1 pamene manambala akuchepa, abwerera. Wosasamala apitiriza mpaka kupeza −150,000. Kuti mudziteteze, chulukitsani nambala yoyamba ndi r yanuyo muone ngati ikubala yachiwiri.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri, ndipo chimagwira ngakhale ophunzira akhama: kusokoneza a. Mu fomyula, a ndi nambala yoyamba ya zimene mukuwonkhetsazo, osati nambala yoyamba imene yatchulidwa m'funso. Funso likati, "Kupatula zimene mmisiri analandira, anthu ena onse analandira zingati pamodzi?" ndiye kuti mndandanda ukuyambira pa 60,000. Yankho ndi 60,000 kugawa ndi 0.4, zomwe ndi 150,000. Onani kuti ndi mpata wotsala uja wa pa n = 1, ndipo ziyenera kutero, chifukwa mpata wotsala ndi chiwonkhetso cha manambala onse amene simunawawonkhetsebe. Musanagwire fomyula, lembani manambala atatu oyamba a mndandanda papepala, muone ndi maso kuti woyamba ndi uti.

Mukapeza yankho, liyerekezeni ndi S₄ kapena S₅. Ngati a ndi r zonse ndi za pozitivu, yankho liyenera kuposa chiwonkhetso chilichonse cha panjira. Likachepera, penapake palakwika.

Kumene mwakhala mukuzigwiritsa ntchito osadziwa

Madesimo obwerezabwereza ndi mindandanda ya jometiriki. Tengani 0.272727... Imeneyi ndi 0.27 + 0.0027 + 0.000027 + ... Tsatani masitepe omwe aja. Kugawa yachiwiri ndi yoyamba kukupereka 0.01, yachitatu ndi yachiwiri 0.01, ndiye r = 0.01, ndipo ili mkati mwa mpanda. a ndi 0.27. Chiwonkhetso ndi 0.27 kugawa ndi 0.99, zomwe ndi 27/99, ndipo mukafupikitsa ndi 9 mupeza 3/11. Gawani 3 ndi 11 pa kakyuleta muone.

Tsopano yesani 0.999... Apa a = 0.9, r = 0.1, ndipo 0.9 kugawa ndi 0.9 ndi 1. Tsiku lina nditalemba zimenezi pabolodi, mtsikana wina wa kutsogolo anakana kwamtuwagalu. Anati, "Pepani aphunzitsi, koma pakutsalabe kanthu. Ngakhale mulembe ma 9 kudzaza bolodi lonse, siikwana 1." Ndinamuuza kuti akunena zoona pa bolodi lililonse limene ma 9 ake ali ndi pothera. Ma 9 atatu ndi S₃, mpata wake ndi 0.001. Ma 9 khumi ndi S₁₀, mpata wake ndi 0.1¹⁰. Chilichonse mwa zimenezi n'chochepera 1. Koma timadontho titatu timene tili kumapeto kwa 0.999... sitikuimira chiwonkhetso cha panjira china chake chakutali. Tikuimira malire a ziwonkhetso zonsezo. Ndinamupempha kuti anditchulire kukula kwa kanthu kakutsalako. Anati 0.0001. Ndinalemba ma 9 asanu, mpata unakhala 0.00001, wochepera kake. Anatchula kena kochepa kwambiri, ka maziro khumi ndi awiri patsogolo pa 1, ndinawonjezera ma 9 mpaka khumi ndi anayi. Anayang'ana bolodi kwa kanthawi, kenaka anatenga choko n'kulemba yekha pansi pake kuti mpata = 0.1ⁿ.